Kuedita kanema wophika chambo ndi kondowole: podula, pofulumiza ndi posakhudza

Funso: Ndimakhala ku Nkhotakota ndipo ndangoyamba kumene kupanga makanema ophika. Ndinajambula ndikuphika chambo cha msuzi ndi kondowole pa mafoni awiri. Ina ndinaimangirira kudenga la khonde ikuyang'ana pansi, ina mng'ono wanga anaigwira m'manja pafupi ndi poto. Zonse zatenga mphindi 50. Ndikafulumiza kanema yense manja akungothamanga, palibe chikuoneka. Ndikadula, anthu akufunsa kuti msuzi wafika bwanji pamenepo. Ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yoeditira ya CapCut pa foni. Ndiyambire pati?

Yankho:

Mayi, yambirani pa pepala ndi cholembera, CapCut idikire kaye. Onerani kanema wa foni ya kudenga ija kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo paliponse pomwe chakudya chasintha maonekedwe, lembani nthawi yake monga ikuonekera pa sikirini. Pa ndiwo zanuzi malo otere ndi owerengeka: pomwe mafuta atentha mokwanira kulandira nsomba, pomwe chambo chafiira n'kufika potembenuza, pomwe anyezi wafewa, pomwe matimati aphwanyika mafuta n'kuyamba kuyandama, pomwe msuzi walimba, pomwe madzi a kondowole awira, ndi pomwe ufa wagwirana n'kuyamba kutamuka pa mthiko. Munthu amene akufuna kukaphika kunyumba kwake wabwerera malo amenewa. Aliwonse a iwo ayenera kuoneka pafupi, pa liwiro lake lenileni, kwa masekondi osachepera 3 kapena 4. Zotsalazo ndiye zimene mungadule kapena kufulumiza. Anthu akukufunsani za msuzi chifukwa mpeni wanu unagwera pa malo amodzi mwa amenewa.

Pepalalo likatheka, gwirizanitsani mafoni awiriwo. Ikani kanema wa pamwamba pa mzere waukulu, wa pafupi mumusanjike pa woyambayo ndi Overlay, kenaka mumukoke ndi zala mpaka adzaze sikirini yonse. Mukanaomba m'manja kamodzi mafoni onse atayamba kujambula, ntchito ikanaphweka, chifukwa kuombako kumaoneka ngati kansonga kakatali pa mafunde a mawu. Poti mwina simunaombe, funani phokoso lina lakuthwa limene mafoni onse analimva: mpeni kugunda thabwa, chivundikiro kugwera pa poto, mthiko kugogoda m'mphepete mwa chiwaya. Dinani Extract audio pa makanema onse awiri kuti mafundewo aoneke, tambasulani mzere ndi zala ziwiri, ndipo sunthani kanema wa pafupiyo pamodzi ndi mawu ake mpaka nsonga ziwirizo ziyang'anizane. Mudziwa kuti zagwirizana mukamva kugundako kamodzi. Mukakumva kawiri motsatizana, sizinafike.

Musadabwe mukaona kuti pa mphindi 5 zikugwirizana bwinobwino koma pa mphindi 40 dzanja la mu shoti ina latsogola. Mafoni ambiri sajambula chiwerengero chofanana ndendende cha mafulemu, tizithunzi timene timapanga kanema, pa sekondi iliyonse. Foni ikatentha kapena kuwala kukachepa, chiwerengero chimasinthasintha, ndipo kusiyanako kumaunjikana. N'chifukwa chake sindingakulangizeni kunyamula mphindi 50 zonse pamodzi. Gawani ntchito panayi: kukonza nsomba, kukazinga, msuzi, kondowole. Gawo lililonse ligwirizanitsidwe palokha ndi phokoso lake. Foni nayo imapuma, pakuti mphindi 50 za 1080p zimatha kudya magigabaiti 5 kapena 6 pa foni imodzi, ndipo foni ya mtengo wapakati imayamba kukakamira mukaisenzetsa makanema awiri otero nthawi imodzi.

Pali ndondomeko imene imapulumutsa anthu oedita pa foni. Mukafulumiza kapena kuchotsa chidutswa pa mzere waukulu, utali wa mzerewo umasintha, ndipo kanema wa pa Overlay satsatira bwino nthawi zonse. Zimene munagwirizanitsa movutikira zimabalalika. Ndiye pa ulendo woyamba musachotse nthawi ngakhale pang'ono. Ingosankhani kuti apa tione pamwamba, apa tione pafupi, pochotsa zidutswa za Overlay ndi Split pomwe mukufuna kuti shoti ya pamwamba ionekere. Tulutsani gawolo pa 1080p, bitireti, imene imasunga ubwino wa chithunzi, ili pamwamba. Pa ulendo wachiwiri lowetsani magawo anayi aja mu ntchito imodzi, ndipo apo ndiye mudule nthawi ndi kufulumiza, pakuti tsopano muli ndi mzere umodzi wokha. Kutulutsa kawiri kumachepetsako ubwino wa chithunzi, koma pang'ono kwambiri poyerekeza ndi zimene Facebook ndi WhatsApp adzachite mukakaikapo kanemayo.

Nanga shoti iti ikhale pati? Shoti ya pamwamba imayankha funso loti zinthu zili zingati ndipo zikupita kuti. Imaonetsa kuti matimati ndi anayi, kuti mafuta aphimba pansi pa chiwaya ponse, kuti nsomba yagonekedwa m'poto popanda kusanjikizana. Chimene singaonetse ndi kuzama. Mukayang'ana poto kuchokera kudenga, msuzi wamadzi ndi msuzi wolimba zimaoneka chimodzimodzi, zonse zofiira. Kulimba kwa msuzi kumaoneka cham'mbali, supuni itatukulidwa, msuzi ukuyenderera pang'onopang'ono. N'chimodzimodzinso kuzama kwa mizere imene mwacheka m'mbali mwa chambo kuti mchere ulowe, ndi kukhuthala kwa khungu lokazingika. Choncho sitepe iliyonse iyambe pamwamba kuti munthu adziwe pomwe tili, ilowe pafupi pomwe pali chofunika kuchiona, ndipo ibwerere pamwamba tikamasamukira ku china. Musasinthe shoti chifukwa chongoti yakhalitsa. Shoti ya pamwamba ya masekondi 10 mukuthira zinthu m'poto ilibe vuto lililonse.

Yang'anani komwe manja anu akulowera mu shoti ya pamwambayo. Ngati akutsika kuchokera kumtunda kwa sikirini, woonera amamva ngati wakhala moyang'anizana nanu, ndipo kumanja kwanu ndi kumanzere kwake. Dinani Rotate kawiri kuti chithunzi chitembenuke, manja azikwera kuchokera kumunsi, monga munthu amaonera manja ake akamaphika. Zikatero n'kosavuta kutengera kagwiridwe ka mpeni popala mamba. Koma musagwiritse ntchito Mirror pofuna kukonza zimenezi, chifukwa mudzasanduka wamanzere mu shoti imodzi ndi wamanja mu inzake, ndipo zolembedwa pa botolo la mafuta zidzawerengeka chambuyo.

Podula kuchoka pamwamba kulowa pafupi, dulani dzanja likuyenda. Tiyerekeze mukutembenuza chambo m'chiwaya. Siyani shoti ya pamwamba mpaka supuni italowa pansi pa nsomba ndi kuyamba kuitukula, pamenepo dulani, ndipo shoti ya pafupi imalize kutembenuzako. Diso limatsata nsombayo, silizindikira kuti padulidwa. Mukadula dzanja litaima, kudumphako kumaonekera. Samalaninso ndi chinthu chimene chimachitika kawirikawiri munthu akakonda shoti inayake n'kuisuntha pamalo pake: anyezi amene anafiira kale akuonekanso woyera, kapena mbale ya matimati imene munakhuthula yadzazanso pambali pa mbaula. Woonera wophika amaziona zimenezi msanga kuposa woedita, ndipo amasokonezeka kuti kodi anyezi amathiridwa kawiri.

Tsopano za nthawi, pomwe pagona nkhani yanu. Masitepe ochedwa sali a mtundu umodzi, ndipo mankhwala ake si amodzi.

Pali ntchito yobwerezabwereza, monga kupala mamba, kudula anyezi ndi kuduladula matimati. Apa kufulumiza n'kutaya nthawi. Munthu akaona mukupala katatu, pafupi, pa liwiro lenileni, mpeni ukuchokera kumchira kupita kumutu, wadziwa kale. Kupala kwa makumi awiri kotsatirako sikumuphunzitsa china. Onetsani masekondi 4 kapena 5 a pafupi, dulani, mubwere ndi shoti ya pamwamba nsomba itayera kale mbali zonse. Kusintha kwa shotiko n'kumene kumabisa mphindi ziwiri zimene mwachotsa, ndipo ili ndilo phindu lalikulu la foni yachiwiri. Mukadula nthawi koma shoti n'kukhala yomweyo, manja amadumpha kuchoka apa kufika apo. Koma kutumbula ndi kuchotsa ndulu musakufupikitse motero, ngakhale anthu ena sakonda kuona zam'mimba mwa nsomba. Ndulu ikaphulika ndiwo zimawawa, ndipo amene sanatumbulepo nsomba ayenera kuona pomwe chala chikulowera.

Pali kudikira kopanda chooneka: poto wavundikiridwa, kapena madzi a kondowole akudikira kuwira. Kufulumiza chivundikiro kwa masekondi 10 sikuonetsa kanthu. Onetsani dzanja likuvundikira, dulani, lembani pa sikirini kuti "Patapita mphindi 15, moto wapakati", kenaka onetsani dzanja likuvundukula ndi nthunzi ikutuluka. Nthawi yolembayo itengeni pa pepala lanu lija, osati ya m'mutu. Ngati munavundikira pa 24:10 n'kuvundukula pa 39:30, ndi mphindi 15, ngakhale inu mumakhulupirira kuti mumaphika mphindi 10. Mawuwo akhale pa sikirini nthawi yoti munthu n'kuwawerenga kawiri osathamanga. Ndipo popeza mumaphika pa mbaula, nenani za moto. Makala oyaka kumene ndi makala amene ayamba kuyera phulusa saphika mofanana, ndipo woonera wa ku Lilongwe amene ali pa chitofu cha gasi afunika kudziwa kuti msuziwo unkangobwata pang'onopang'ono.

Mtundu wachitatu wokha ndi umene uyenera kufulumizidwa: pomwe chakudya chikusintha pang'onopang'ono poto ali wotsegula. Pa ndiwo zanu ndi matimati. Tiyerekeze munawathira pa 15:00 ndipo anapsa pa 23:00. Zimenezo ndi mphindi 8, kapena masekondi 480. Mukaika Speed pa 2x, zitsala mphindi 4, ndipo palibe amene adzadikire. Pa 10x atsala masekondi 48, akadali ambiri. Pa 60x atsala masekondi 8, ndipo pamenepo diso limaona bwino zidutswa zikusungunuka, madzi akuphwa, mtundu ukuchoka pa kufiira koyera kupita pa kufiira kodera. CapCut imalola mpaka 100x. Kawerengedwe kake n'kosavuta: masekondi amene muli nawo, gawani ndi masekondi amene mukufuna.

Koma musafulumize mphindi 8 zonsezo. Gwiritsani ntchito Split kuti mukhale ndi zidutswa zitatu. Choyamba, masekondi 4 a matimati akugwera m'mafuta, ndi phokoso lake, pa liwiro lenileni. Chachiwiri, chapakati chija pa 60x, chochokera ku foni ya kudenga. Chachitatu, masekondi 5 kapena 6 a shoti ya pafupi, pa liwiro lenileni, supuni ikudutsa pansi pa poto n'kusiya kanjira kamene kakutsekeka pang'onopang'ono, mafuta akuoneka m'mphepete. Apo ndi pomwe mawu anu anene kuti, "Mukaona chonchi, thirani madzi." Mphindi 8 zasanduka masekondi 18, ndipo funso lija la msuzi silidzabweranso.

Ndanena kuti chapakaticho chichokere kudenga chifukwa kanema wojambulidwa m'manja safulumizidwa. Kugwedera kwakung'ono kwa dzanja la mng'ono wanu, kumene sikuoneka pa liwiro lenileni, pa 20x kumakhala kunjenjemera kopweteka maso. Ngakhale foni ya kudengayo ili ndi zake. Ngati munajambula pa khonde mitambo ikudutsa, kuwala kudzaphethira mukafulumiza, chifukwa foni inkadzisinthira yokha kuwala nthawi zonse. Mukaona zimenezi, siyani kufulumiza, mutenge zidutswa zitatu za sekondi imodzi ndi theka, cha poyamba, cha pakati ndi cha kumapeto, muziike motsatizana. Kusinthako kudzaonekabe. Chitaninso chimodzimodzi ngati dzanja lanu linkalowa kudzatakasa pafupipafupi, pakuti pa 60x dzanja limangong'anima n'kuzimiririka. Manja akugwira ntchito amatsatika mpaka cha pa 3x kapena 4x. Kupitirira apo munthu amaona kuti pakuchitika zinthu koma sangatengere.

Phokoso la chidutswa chofulumizidwa lizimitseni, Volume ifike pa 0. Mukalisiya, kubwata kwa msuzi kumasanduka kulira kwa mluzu, ndipo mawu a ana pabwalo amamveka moseketsa. Koma kanema akangoti zii mwadzidzidzi, woonera amaganiza kuti foni yake yavuta. Funani masekondi 10 pomwe poto akubwata popanda wolankhula, tambala kapena njinga yamoto, tengani phokosolo ndi Extract audio, muliike pansi pa chidutswa chofulumizidwacho motsitsa. Phokoso la kanema yense litengeni ku foni imodzi, makamaka ya pafupi, chifukwa ya kudenga imamva malata ndi mphepo kuposa poto. M'miyezi ya mwera, cha mu Juni ndi Julaye, kunyanja kuno mphepo imaononga mawu ojambulidwa panja kotero kuti n'kwabwino kufotokoza pambuyo. Malizani kudula zithunzi, khalani m'chipinda zitseko zotseka, mujambule mawu mukuonera kanemayo. Ine ndimakonda njira imeneyi ngakhale kunja kuli bata, chifukwa munthu akamatakasa amalankhula zambiri zosafunika, pomwe chofunikacho amachinena nthawi itadutsa. Ndipo lolani phokoso la sitepe yotsatira liyambe theka la sekondi chithunzi chake chisanafike. Kulira kwa mafuta kukamveka tikadali pa nsomba yothira mchere, woonera amafika pa chiwaya ali wokonzeka.

Kondowole ndi nkhani ina, ndipo ndikupemphani kuti mumupatse malo aakulu kuposa amene mukuganiza. Inu a ku Nkhotakota mumamuona ngati chinthu wamba, koma woonera wa kumwera kapena wa ku Dedza amene anazolowera nsima ya chimanga sadziwa kuti kondowole sayamba ndi phala lobwata nthawi yaitali, ndi kuti ufa ukangolowa m'madzi owira ntchito yonse imatha m'mphindi zochepa, mwamphamvu. Mukafulumiza pamenepa, mwabisa chinthu chenicheni chimene anthu amalephera. Liwiro la dzanja ndilo phunziro. Munthu ayenera kuona kuti mthiko ukulemera, kuti mukukanikizira ufa m'mbali mwa poto kuti mibulu iphwanyike, ndi kuti mtundu ukusintha kuchoka pa kuyera kwa ufa kufika pa kung'azima. Mwa mphindi 3 kapena 4 za kuvundula, sungani masekondi 40 mpaka 50, onse pa liwiro lenileni, m'zidutswa zitatu kapena zinayi: ufa ukulowa, kuvundula koyamba kukali mibulu, pakati, ndi pomaliza kondowole akutamuka pa mthiko. Pakati pa zidutswazo sinthani shoti kuti nthawi yochotsedwa isaoneke. Ngati munaphula poto n'kumuika pansi, kumupana ndi mapazi monga amachitira ambiri, ndiye kuti wachoka pansi pa foni ya kudenga, ndipo shoti ya mng'ono wanu ndiyo yatsala yokha. Zikatero bisani podula pokulitsa chithunzi pang'ono pa chidutswa chimodzi ndi kuchibwezera pa chotsatira. Ngati munajambula pa 1080p musapitirire cha pa 120%, chithunzi chingachite mbuu. Ngati munajambula pa 4K, n'kutulutsa gawolo pa 4K pa ulendo woyamba, ndipo pomaliza mutulutsa pa 1080p, mukhoza kukulitsa mpaka kawiri popanda kutaya kanthu, chifukwa 3840 ndi kawiri ka 1920.

Mukatero, kukonza nsomba kutenga cha pa masekondi 45, kukazinga mphindi imodzi, anyezi ndi matimati mphindi imodzi, kubwata kwa msuzi theka la mphindi, kondowole yense mphindi imodzi ndi theka kuphatikiza madzi ndi kuomola. Onjezerani masekondi 20 oonetsa zofunika zonse kuchokera pamwamba, theka la mphindi la kupakula, ndi masekondi 6 kapena 8 a mbale yomalizidwa koyambirira kwenikweni kuti munthu adziwe chimene akudikira. Zonse pamodzi zikuyandikira mphindi 6.

Mafoni awiri sapereka mtundu wofanana. Imani pomwe shoti ziwiri zakumana, muyang'ane chinthu choyera chimene chili monsemo, monga mbale kapena ufa. Ngati kwina chikuoneka chachikasu, kwina chabuluu, lowani pa Adjust musunthe Temperature ya foni imodzi mpaka zifanane. Siyani mafyuluta. Amanamiza kufiira kwa nsomba, ndipo munthu adzapsereza yake pofuna kufikira mtundu umene kulibe. Pomwe nthunzi inaphimba galasi la foni ya kudenga palibe chokonza, ingophimbani ndi shoti ya pafupi. Ulendo wina foniyo isakhale pamwamba penipeni pa poto. Isunthireni pambali pang'ono, ipendekere, ndipo musanayambe kanikizani chala pa sikirini mpaka kuwala ndi fokasi zitsekeke, zimene mafoni ambiri amalemba kuti AE/AF Lock. Musajambule ndi Time-lapse ya m'kamera ngakhale ikuoneka yachidule, chifukwa imataya mafulemu ndi phokoso nthawi yojambula yomweyo, ndipo simungabwezerenso liwiro lenileni pomwe matimati apsa.

Musanatumize, perekani foni kwa munthu amene sanaphikepo kondowole, phokoso litazimitsidwa, pakuti ambiri amaonera chomwecho m'minibasi ndi kuntchito. Akamaliza, afotokoze ndondomeko yonse ndi pakamwa, ndi nthawi zake. Pomwe wakakamira, bwererani pa pepala lanu mukaone ngati simunafupikitse malo amodzi mwa aja munalemba, ndipo muwabwezere masekondi awiri kapena atatu.